Rauta Yatsopano ya Eness Masiye

Eness Masiye anaphunzira kutayipa mu 1984, pa sukulu ya masisitere ku Dedza, pa taipilaita yakale imene inalibe nambala wani. Akafuna kulemba 1 ankadina l wamng'ono, ndipo sisitere wowaphunzitsa ankati wowerenga wanzeru adziwa yekha kuti ichi ndi chilembo kapena nambala. Atamaliza maphunzirowo anapeza ntchito pa kampani ina yogulitsa feteleza ku Kanengo. Anakhala pa desiki imodzimodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka mu 2002 pamene kampaniyo inachepetsa antchito. Kalata yake yomuchotsa ntchito anatayipa yekha, pamodzi ndi za anzake makumi awiri ndi atatu.

Anachita lendi kachipinda ku Kawale 2, kufupi ndi msika, pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Anaikamo kompyuta yogwirapo kale ntchito, pulinta ndi foni yapansi yoti anthu aziimbirapo. Ankatayipa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, malipoti a makomiti a mpingo ndi a mzikiti womwe. Motero ankadziwa zambiri za anthu a m'deralo: amene wachotsedwa ntchito, amene akusumira mlamu wake, amene akunama zaka zobadwa. Sanali kunena kwa munthu. Anali mayi wamtali, wamagalasi a chingwe, wosakonda kuseka ndi makasitomala. Ena ankati ndi wonyada. Komabe ankabwera, chifukwa kalata yotuluka m'manja mwake sinkakhala ndi cholakwika.

Mwamuna wake, Ephraim, ankagwira ntchito yogula mbewu kwa alimi m'maboma ndipo ankakonda zipangizo zatsopano. Foni yapansi ija anakalembetsa ndi iyeyo, m'dzina lake, chifukwa tsikulo Eness anali ndi ntchito yambiri. Ndi iyenso amene mu Febuluwale 2008 anati mafoni am'manja aipha bizinesi yoimbitsa foni, bola aike intaneti yodzera pa waya wa foni womwewo. Anthu a kampani ya intaneti anabwera, nalumikiza kabokosi kakuda kotchedwa rauta, nalemba zina pa fomu. Pepala loyera anatenga, lachikasu la pansi pa kaboni anapatsa Ephraim. Eness anali akutayipa mayeso a sukulu ina ndipo anangoona kuti makompyuta anayi a makasitomala, amene anawonjezera kukhoma, ayamba kutsegula maimelo.

Mu Ogasiti chaka chomwecho Ephraim anachoka panyumba. Analongedza masana Eness ali kuntchito, nakakhala ku Area 25 ndi mphunzitsi wina dzina lake Lois. Ankhoswe anakumana kawiri osamvana chilichonse. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyese, anali ku sukulu yogonera komweko ku Likuni. Eness sanapite ku Area 25, sanaimbe foni, ndipo pa bizinesi ankatsegula hafu seveni monga kale.

Lachiwiri lina mu Januwale 2009, cha m'ma 3 koloko masana, mphenzi inagunda pafupi ndi msika. Magetsi anathima n'kuyakanso. Makompyuta anadzuka onse, koma pa rauta nyali yolembedwa DSL, imene imaonetsa kuti kabokosiko kakumvana ndi waya wa foni, sinayakenso. Nyali yamagetsi yokha ndiyo inkayaka.

M'mawa mwake Eness anaikulunga rautayo mu chitenje napita nayo ku Old Town, pa sitolo ina yogulitsa zamakompyuta. Wogulitsayo anailumikiza, naiyang'ana, kenako anawongola kawaya kopanira mapepala n'kubaya pa kabowo kakumbuyo kwa kanthawi.

"Nthawi zina imadzuka ukaiyambitsanso chonchi," anatero.

Sinadzuke. Eness anagula yatsopano, yoyera, nabwerera ndi zonse ziwiri.

Woilumikiza anali Medson Kachale, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu amene kale ankakwera mapolo a mafoni, ndipo tsopano ankakonza makompyuta ku Biwi. Anafika pa njinga, buluku atalimanga ndi mphira m'miyendo. Analowetsa waya wa foni ndi wa makompyuta. Nyali ya DSL inaphethiraphethira kenako inayaka yobiriwira osagwedera. Yoyandikana nayo, yolembedwa Internet, inali yofiira.

"Laini ili bwino," anatero Medson. "Chatsala n'kuiuza kuti ndife ndani."

Anakhala pa kompyuta ya Eness, nalemba manambala 192.168.1.1, ndipo panatuluka tsamba la rautayo. Analowa ndi mawu akuti admin, olembedwa kunsi kwa kabokosiko. Anasankha PPPoE, nadzaza manambala awiri a laini amene ankawadziwa pamtima chifukwa anali ofanana kwa makasitomala onse a kampaniyo. Panatsala mipata iwiri yopanda kanthu.

"Mayi Masiye, ndipatseni yuzanemu ndi pasiwedi."

"Si zomwe mwalemba kumene zija?"

"Izo n'zolowera m'kabokosimu basi. Zimabwera ndi rauta iliyonse yamtunduwu. Ndikufuna za akaunti yanu ku kampani."

Eness anatchula imelo yake ndi pasiwedi yake. Medson anapukusa mutu.

"Osati za imelo. PPPoE imeneyi, rauta ikayaka imadzitchula dzina ku kampani, n'kupereka pasiwedi. Akaona kuti zikugwirizana ndi zomwe ali nazo, amatsegula. Yakale ija inkachita zimenezi tsiku lililonse inu osadziwa, chifukwa anailembera mkati tsiku loyamba. Yatsopanoyi sikudziwa kanthu."

"Ndiye zili mu yakaleyo."

"Ngati ikuyakabe, dzina tiliona. Pasiwedi imaoneka timadontho, koma pali njira yokoperamo fayilo ya zonse zomwe anaiuza. Mitundu yakaleyi nthawi zambiri imalemba poyera."

Anailumikiza yakudayo ku kompyuta. Tsamba lake linatseguka bwinobwino. Mipata yonse inali yoyera ngati yatsopano.

"Wina anaibaya kumbuyo?"

"Wa kusitolo."

Medson anavula magalasi napukuta m'maso. "Basitu. Kabowo kameneko kamafufuta zonse. Mphenzi inangotentha mbali ya foni yokha, zinazo zinalimo." Anavalanso magalasi. "Oika aja sanasiye pepala?"

"Anasiya lachikasu."

"Lili kuti?"

Eness anati alifunafuna.

Analifunafuna masiku awiri. Anatulutsa mafayilo onse a pa bizinesi, mmodzimmodzi, ngakhale ankadziwa zomwe zinali m'fayilo iliyonse. Kunyumba anayang'ana m'kabati, m'sutikesi ya zovala za kutchalitchi, mu bokosi la rauta yakale lomwe analipeza pamwamba pa wodiropu muli kabuku ndi CD basi. Pa chitseko cha bizinesi anamata pepala lakuti intaneti palibe. Anthu ankawerenga n'kupitirira kukakwera minibasi ya m'tauni. Bambo wina wachikulire, amene mwana wake wa ku Joni anamulonjeza zithunzi za mdzukulu pa imelo, ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuima pakhomo, n'kufunsa ngati yabwera.

Lachisanu Eness anapita ku ofesi ya kampani ya intaneti. Anadikira pa benchi ola lathunthu asanafike pa kauntala, pomwe panali mtsikana wa yunifomu yabuluu. Anatchula nambala ya foni yapansi, mtsikanayo nailemba pa kompyuta.

"Akauntiyi ndi ya a Ephraim Masiye."

"Ndi amuna anga. Bizinesiyo ndi yanga."

"Ndamva, amayi. Koma zolowera timapereka kwa mwini akaunti yekha. Pasiwediyo ngakhale ife sitiiona, timangoika ina yatsopano. Abwere okha ndi laisensi kapena pasipoti, mphindi khumi zatha. Apo ayi alembe kalata yosaina, muphatikize ndi fotokope ya chiphaso chawo."

"Dzina lokha lolowera simungandiuze?"

"Pepani. Wina atabwera n'kunena kuti ndi mkazi wawo, ife n'kupereka, mawa inu mudzatiimba mlandu."

Eness anamuyang'ana mtsikanayo, koma anaona kuti wangolankhula mosadziwa kanthu.

"Nanga kutsegula akaunti yanga?"

"Lainiyo ili m'dzina lawo. Mufunika laini yanuyanu, ndiye ku Kawale pali mndandanda wodikira. Mwina miyezi itatu."

Atatuluka anaima pansi pa mtengo naimba nambala ya Ephraim, koyamba chichokereni. Mawu a makina anati nambalayo sikugwiranso ntchito. Ali pomwepo anakumbukira chikwama chapulasitiki chobiriwira chomwe Ephraim ankasungamo masatifiketi ake. Pepala lililonse lokhala ndi dzina lake ankaponya mmenemo. Chikwamacho chinachoka mu Ogasiti.

Loweruka anatseka 12 koloko, nakwera minibasi kupita ku depoti, n'kukweranso ina ya ku Area 25. Nyumbayo ankaidziwa ngakhale anali asanafunsepo aliyense. Makasitomala anali atamuuza kambirimbiri osafunsidwa: kutsikira pa Nsungwi, kutsata msewu wafumbi wodutsa pa chigayo, geti lofiira lachitatu.

Anapeza mayi wazaka ngati makumi atatu akuyanika zovala. Pa chingwepo panali shati ya mizeremizere imene Eness anagula yekha ku Lizulu. Mayiyo anali ndi pakati pooneka. Atamuona mlendoyo anaika beseni pansi.

"Odi."

"Lowani, amayi." Anakatenga mpando nauika pakhonde, iye nakhala pa mkeka. Anapatsana moni wonse monga mwa mwambo.

"Ndine mayi a Tiyese."

"Ndakudziwani. Ndine Lois."

"Bambo a Tiyese alipo?"

"Ali ku Kasungu, abwera Lachinayi. Komwe aliko netiweki imavuta."

"Sindinabwerere nkhani zina ayi," anatero Eness. "Pali pepala lachikasu la kampani ya intaneti. Ndikuganiza kuti lili m'chikwama chawo chobiriwira. Popanda limenelo ntchito yanga yaima."

Lois anati, "Chikwamacho salola kuti ndizichigwira."

"Chabwino. Ndidikira Lachinayi." Eness anayamba kudzuka.

"Khalani kaye."

Analowa m'nyumba. Kunamveka kukoka kwa sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi chikwamacho nachiika pa mkeka pakati pawo.

"Tsegulani ndinu. Mukuzidziwa bwino kuposa ine."

Eness anatsika pampando nagwada pa mkekapo. Anatulutsa mapepalawo limodzilimodzi n'kumawasanja mwadongosolo lake monga ankachitira ku Kanengo. Satifiketi ya Fomu 4. Makalata a ntchito, ambiri otayipa iye mwini. Khadi la ubatizo la Tiyese. Mtchatho wa ukwati wawo wa mu 1991, wopindika pakati. Anauika pa mulu womwewo osautambasula. Lois anauona, nayang'ana kumbali, ku zovala zomwe zinatsala m'beseni.

Pepala lachikasu linali chakumapeto, litamatirira ku lisiti la batire ya galimoto. M'munsi mwa pepalalo munali mizere iwiri yolembedwa pamanja, yotuwa chifukwa cha kaboni.

"Ndi limeneli."

"Tengani."

"Akakufunsani?"

"Ndiwauza kuti ndinapereka ndine."

Eness anatenganso khadi la ubatizo, nati mwana adzalifuna. Zina zonse anabwezera momwe zinalili natseka zipi.

"Munanditayipirapo kalata," anatero Lois. "Mu 2005, yofunsira malo ku koleji ya aphunzitsi. Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa azakhali ku Kawale 1."

Eness anamuyang'anitsitsa. "Munalakwitsa bokosi nambala ya koleji."

"Munakonza ndinu."

"Eya."

Lois anati aphike tiyi. Eness anathokoza nati mvula ikubwera. Lois anamuperekeza mpaka pa geti basi.

Medson anabwera Lolemba m'mawa. Analitenga pepalalo napita nalo pakhomo pomwe panali kuwala. Dzina lolowera linali losavuta: emasiye, kenako chizindikiro cha @ ndi dzina la kampani. Analilemba lonse, nati ena amasiya mbali yakumapetoyo n'kumadabwa kuti zikukana. Pasiwedi inali ya zilembo ndi manambala zisanu ndi zitatu. Anailemba, nasunga, rauta inazima n'kuyakanso. DSL inabiriwira. Internet inakhalabe yofiira.

Anayesanso, pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi. Chimodzimodzi. Anatsegula tsamba lina pomwe rauta imalemba zomwe zikuchitika, naloza mzere wina.

"Apa ikuti kampani yayankha koma yakana. Ndiye kuti tikufika, koma dzina kapena pasiwedi sizikugwirizana. Mwina abambo anaisintha pambuyo pake. Ngati ndi choncho pepalali latha ntchito."

"Sakanasintha. Sasintha chinthu chomwe chikuyenda." Eness anatambasula dzanja. "Tandipatsani."

Anavala magalasi naliika pepalalo pa desiki. Kwa zaka zambiri ntchito yake inali kuwerenga zolemba za anthu olemba moipa. Sanayambe ndi pasiwedi. Anayang'ana kaye pamwamba, pomwe woika uja analemba deti ndi nambala ya foni.

"Mwalemba chiyani apa, pachitatu?"

"Wani."

"Onani wani wake pa detipa. Amaika kamlomo pamwamba ndi kamzere pansi. Uyu ndi ndodo chabe. Ndi l wamng'ono. Nanga apa?"

"O wamkulu."

"Pa nambala ya foni ziro wake ndi wowonda chonchi. Uyu ndi ziro. K uyu mwalemba wamkulu kapena wamng'ono?"

"Wamng'ono."

"Nthambi yake yafika pamzere wapamwamba mofanana ndi 7. Ndi wamkulu. Zimasiyana?"

"Kwambiri."

Medson anadzuka pampando. Eness anakhala nalemba yekha osayang'ana m'manja. Anadikira. Kunja wometa uja anali atatsegula wailesi. Nyali yofiira inazima, ndipo patapita kamphindi inayaka yobiriwira.

"Ehe," anatero Medson.

Eness anapita kukamatula pepala la pachitseko.

Asanachoke, Medson anakopera fayilo ya zonse za mu rauta yatsopanoyo naiika pa fulashi ya Eness. Anamuuza kuti wina aliyense asadzabayenso kabowo kaja asanaone kuti zolowera zili pamanja, ndiponso kuti kukayamba kugunda azizula waya wa foni. Eness anatayipa dzina ndi pasiwedi m'zilembo zikuluzikulu zosasokoneza, pansi pa chilichonse n'kulemba m'mawu kuti ichi ndi ziro, ichi ndi l wamng'ono. Anapulinta mapepala awiri. Lina anasunga kunyumba, lina anakasiya kwa mchemwali wake ku Area 23. Bambo wachikulire uja anaona zithunzi za mdzukulu wake tsiku lomwelo masana, ndipo anapempha kuti amupulintire chimodzi ngakhale pulintayo inali yosatulutsa mitundu.

Ephraim anafika Lachisanu. Anaima pakhomo makiyi a galimoto ali m'manja, atawonda pang'ono. Pa makompyuta panali anthu atatu.

"Ndamva munabwera kunyumba."

"Ndinabwera."

"Mukanangondiimbira."

"Nambala yanu sikugwira."

Ephraim anayang'ana rauta yoyerayo. "Yamtunduwu si yolimba. Mukanandifunsa ndikanakuuzani yogula."

Eness anatsegula fayilo natulutsa kalata yomwe anali atatayipa kale Lolemba. Inali yopita ku kampani, yopempha kuti laini ya foni ndi akaunti ya intaneti zichoke m'dzina la Ephraim Masiye zipite m'dzina la Eness Masiye. Pansi panali mzere wosainapo.

"Musaine apa. Mundipatsenso laisensi ndiipange fotokope."

Ephraim anaiwerenga kawiri. "Mayi a Tiyese, mpaka zafika pamenepa? Ine sindingakutsekereni intaneti."

"Ndikudziwa. Koma ikadzavutanso sindikufuna kukwera maminibasi awiri."

Mmodzi wa makasitomala anali atasiya kutayipa. Ephraim anamuyang'ana, kenako anatenga cholembera pa desiki nasaina. Anatulutsa laisensi. Poyembekeza makina a fotokope kuti atenthe, anafunsa za Tiyese, ndipo Eness anati ali bwino, masamu okha ndiwo akumuvuta, tsiku loona ana ndi pa 14. Ephraim anati ayesetsa. Anatenga laisensi yake natuluka.

Kusintha dzinako kunatenga masabata asanu ndi limodzi ndi maulendo atatu a ku ofesi. Mtsikana wa yunifomu yabuluu uja ndiye anamaliza zonse. Anamuuza kuti dzina lolowera likhoza kukhala lomwelo popeza Eness ndi Ephraim onse amayamba ndi E, koma pasiwedi aika ina. Anaipulinta pa makina, osati pamanja. Eness anakailowetsa yekha mu rauta, osaitana Medson.

Mu Okutobala akuba anadula waya wa foni kuchokera pa msika mpaka pa mlatho, ndipo dera lonselo linakhala masiku khumi ndi limodzi opanda laini. Pamenepo panalibe choti munthu n'kulemba mu rauta. Eness anaphimba makompyuta anayi aja ndi nsalu kuopa fumbi, natenga ntchito yotayipa mayeso a sukulu ziwiri za pulaiveti za ku Biwi. Inali nyengo yotentha, ndipo ankagwira ntchito chitseko chili chotsegula.